Kalata ya Chifalansa yopita kwa nduna, kazembe kapena mkulu wa kampani: kupeza pamene ulemu walakwika ndi kukonzapo

Makalata ambiri a Chifalansa amene anthu amandibweretsera kuti ndiwaone asanapite ku Lubumbashi, Kinshasa, Antananarivo kapena Paris amakhala ndi thunthu labwinobwino. Mitengo ya katundu ili m'malo mwake, masiku ali bwino, pempho likumveka. Pomwe amagwera ndi pamalo atatu omwe wolemba amaona ngati ndi osavuta: pa keyala, pa malonje, ndi pa mawu otsanzikira. Ndipo cholakwika chake chimakhala chomwechomwecho, lero kwa uyu, mawa kwa wina.

Gwero lake n'lakuti ife tinazolowera kuti ulemu umakhala pa dzina. Timati a Banda, mayi Phiri, Olemekezeka auje, ndipo kusatchula dzina timakuona ngati kuzizira mtima. Chingerezi cha m'makalata chinatilimbitsa m'chizolowezi chomwecho. M'kalata ya Chifalansa yopita kwa munthu waudindo ulemu umakhala pa mpando umene munthuyo wakhalapo, ndipo malo atatu aja aliwonse ali ndi ntchito yake:

- Pa keyala pamalembedwa dzina lonse ndi udindo wonse.
- Pa malonje pamalembedwa udindo wokha, popanda dzina, popanda kufupikitsa.
- M'mawu otsanzikira mumabwerezedwa malonje aja ndendende, osasintha ngakhale liwu limodzi.

Chovuta n'chakuti wolandira kalata sadzakuuzani kuti mwalakwitsa. Mumangoona zizindikiro, ndiye tiyambire pa zizindikirozo.

## Yankho labwera lalifupi ndi louma, kapena layankhidwa ndi mlembi

Tsegulani kalata yanu muone mzere wa malonje. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri, ndi izi.

1. Mwaika dzina m'malonje. Mukapeza *Monsieur Untel* kapena *Monsieur le Directeur Untel* (liwu lakuti *Untel* likuimira dzina lililonse, ngati «uje» wathu), vuto ndi lomwelo. Malonje okhala ndi dzina amamveka ngati kalata ya otsatsa malonda imene yatumizidwa kwa anthu chikwi. Chotsani dzina, patsale *Monsieur le Directeur,* ndi mpatuliro kumapeto. Ngati munthuyo alibe udindo umene mukuudziwa, *Monsieur,* kapena *Madame,* payokha n'zokwanira ndipo n'zaulemu ndithu.

2. Mwayamba ndi *Cher* kapena *Chère*. M'Chingerezi liwu lofanana nalo limayamba kalata iliyonse, ngakhale yopita kwa munthu amene simunamuonepo. M'Chifalansa limanena kuti mumadziwana. Kulembera nduna kuti *Cher Monsieur le Ministre* musanakumanepo kuli ngati kugwira mfumu paphewa tsiku loyamba. Ngati wamkuluyo wayamba yekha kukulemberani kuti *Cher Monsieur* kapena *Chère Madame*, mungathe kufewetsa pang'ono kwa mkulu wa kampani amene mukuchita naye malonda. Kwa nduna ndi kazembe ine ndimalangiza kuti mukhalebe pa udindo.

3. Mwafupikitsa. *M. le Ministre,* kapena *Mme la Directrice,* sizilembedwa m'malonje. Munthu amene mukulankhula naye mumamulembera mawu athunthu, *Monsieur* ndi *Madame*. Zofupikitsa n'za pamene mukutchula munthu wina m'kati mwa nkhani.

4. Mwayamba imelo ndi *Bonjour*. Pakati pa anzanu a kuntchito palibe vuto. Koma imelo yoyamba yopita kwa munthu waudindo imayamba monga kalata ya papepala.

Njira yachidule yodziyesera ndiyo kuona yankho lawo. Ngati iwo akulemberani kuti *Monsieur le Directeur,* pamene inu munawatchula dzina, akuonetsani mwaulemu mmene kalata imayenera kuyambira.

## Kalata yafika pa ofesi ina, kapena akuuzani kuti mulembere munthu wina

Apa ndi pamene ndalama ndi nthawi zimatayika, choncho ndichedwapo. Chizindikiro chake ndi yankho lonena kuti nkhaniyo ipite ku *Direction générale*, ofesi ya mkulu woyendetsa kampani, kapena chete wa masabata angapo.

1. Mwasokoneza *directeur* ndi *administrateur*. Ichi ndiye chofala kuposa zonse. Kwathu liwu lakuti dayirekitala limagwira anthu awiri: amene amakhala m'bodi ya kampani, ndi amene amayendetsa ntchito tsiku ndi tsiku. Chifalansa chimawasiyanitsa. Wa m'bodi ndi *administrateur* (mayi ndi *administratrice*), ndipo bodiyo ndi *conseil d'administration*. *Directeur* ndi wolembedwa ntchito amene akutsogolera nthambi, monga ya zachuma kapena ya zamalonda. Amene ali pamwamba pa onse oyendetsa ntchito ndi *directeur général*, ndipo liwu lakuti *général* likasowa mwamutsitsa n'kumuika pamodzi ndi anthu amene iye amawayang'anira.

2. Simunaone mtundu wa kampani. Zilembo zimene zili pambali pa dzina la kampani zimakuuzani udindo wa mwini mpando.

- Kampani ya *SARL* imayendetsedwa ndi *gérant* kapena *gérante*.
- Kampani ya *SAS* imatsogozedwa ndi *président* kapena *présidente*.
- Kampani ya *SA* ili ndi njira zingapo, ndipo ndi imene imasokoneza anthu.

M'kampani ya *SA* munthu mmodzi angathe kukhala wapampando wa bodi komanso woyendetsa ntchito. Ameneyo ndi *président-directeur général*, amene aliyense amangomutchula kuti *PDG*. Koma mipando iwiriyi ingathenso kugawidwa: wina ndi *président du conseil d'administration*, mwachidule *PCA*, wina ndi *directeur général*, mwachidule *DG*. Ku France lamulo la 2001 ndi limene linalola makampani kugawa mipandoyi. M'mayiko 17 a mu Afirika amene amatsatira malamulo a zamalonda a OHADA, kuphatikizapo DRC imene inalowamo mu 2012, njira ziwiri zonsezi zilipo, ndipo pali yachitatu ya makampani a eni ochepa, imene imayendetsedwa ndi *administrateur général* popanda bodi. Ku Belgium mudzakumana ndi *administrateur délégué*, amene nthawi zambiri ndiye mkulu weniweni wa kampani ngakhale dzinalo likumveka ngati la nthumwi wamba.

3. Munthuyo anasintha mpando. Khadi limene munalandira pa chionetsero cha zamalonda zaka ziwiri zapitazo si umboni. Onani siginecha ya kalata kapena imelo yatsopano yochokera kukampaniyo.

4. Mwalemba *à l'intention de* m'malo mwa *à l'attention de*. Pa envelopu ndi pamwamba pa kalata mawu oyenera ndi *À l'attention de*. Enawo amanena za chinthu chokonzedwa polemekeza munthu, monga phwando.

Nayi nkhani imene inadutsa m'manja mwanga. Kampani ina ya ku Lilongwe yogulitsa mbewu inkafuna kugulitsa nyemba ndi soya kwa kampani ina ya ku Lubumbashi. Mkulu wake anali ndi khadi la bambo wina amene anakumana naye pa msonkhano ku Lusaka, ndipo pansi pa dzina panali zilembo zitatu zokha, *PCA*. Kalata inalembedwa, malonje ake ali *Cher Monsieur le Directeur* ndi dzina la bamboyo pamapeto. Patapita masabata atatu kunabwera imelo ya mizere iwiri kuchokera kwa mlembi, yopempha kuti nkhani za malonda zizipita ku *Direction générale*.

Titaiika patebulo imeloyo, yankho linali m'munsi mwake momwemo. Pansi pa dzina la kampani panalembedwa kuti *Société anonyme avec conseil d'administration*. Malamulo a OHADA amafuna kuti kampani ya *SA* izionetsa pa zikalata zake mmene imayendetsedwera, ndiye mzere umenewu muziuyang'ana nthawi zonse. Mzerewo pamodzi ndi zilembo za pakhadi zinatiuza kuti bamboyo ndi wapampando wa bodi, ndipo pali munthu wina amene amasaina mapangano a zogula. Kalata yoyamba inalakwa patatu: inapita kwa munthu amene sagula katundu, inamutcha *Directeur* pamene iye ndi *Président*, ndipo inamuyandikira ndi *Cher* ndi dzina.

Tinaimba foni kwa mlembi uja n'kufunsa mafunso awiri okha: dzina lonse la amene ali pa mpando wa *DG*, ndi mmene amalembera udindo wake. Anali mayi, ndipo amasaina kuti *Directrice générale*. Tinalemba makalata awiri. Yoyamba, yokhala ndi mitengo ndi kuchuluka kwa katundu, inayamba ndi kutha motere:

```
À l'attention de Madame [Prénom NOM]
Directrice générale

Madame la Directrice générale,
[...]
Je vous prie d'agréer, Madame la Directrice générale,
l'expression de ma considération distinguée.
```

Yachiwiri inali ya ndime imodzi, yopita kwa bambo uja, malonje ake *Monsieur le Président,* yomukumbutsa za kukumana kwa ku Lusaka ndi kumudziwitsa kuti nkhaniyo yaperekedwa kwa *Directrice générale*. Sitinapepese za kalata yoyamba ija, chifukwa kupepesa kukanangomukumbutsa chinthu chimene mwina anali ataiwala kale.

Pali mwambo umodzi wa malonje umene ndi bwino kuudziwa pano. Pa keyala mumalemba udindo wonse monga ulili, koma m'malonje mwambo wakale wa ku France umakweza wachiwiri pang'ono: *directeur adjoint* amalonjeredwa kuti *Monsieur le Directeur*, ndipo *ministre délégué* kapena *secrétaire d'État* amalonjeredwa kuti *Monsieur le Ministre*. Amene anakhalapo nduna kapena pulezidenti amasunganso ulemuwo m'malonje atachoka pampando. M'maofesi ambiri a mu Afirika muno mudzaona akulemba udindo wonse, monga *Monsieur le Directeur général adjoint*, ndipo ngati makalata ochokera kumeneko akutero inunso terani.

## Wolandira ndi mayi, ndipo yankho lake lasintha mmene munalembera udindo

1. Mwalemba udindo wachimuna kwa mayi amene amasaina wachikazi. Mabuku akale ophunzitsira Chifalansa amati *Madame le Ministre*, *Madame le Directeur*. Zinthu zinasintha. Ku Quebec mayina achikazi a maudindo analimbikitsidwa kuyambira 1979, ku Belgium lamulo linabwera mu 1993, ndipo boma la France linatulutsa malangizo otere mu 1986 ndi mu 1998. Bungwe losamala chiyankhulo cha Chifalansa la Académie française, limene linakana kwa zaka zambiri, linavomera mu Febuluwale 2019. Édith Cresson, nduna yaikulu ya France mu 1991, ankatchedwa *Madame le Premier ministre*, koma Élisabeth Borne mu 2022 anali *Madame la Première ministre*, ndipo Judith Suminwa wa ku DRC, amene anasankhidwa mu 2024, nayenso amatchedwa *Première ministre*. Ngati mulibe umboni wina, lero yambani ndi wachikazi: *Madame la Ministre*, *Madame la Présidente*, *Madame la Secrétaire générale*, *Madame la Directrice*.

Nkhaniyi anthu amaitenga mozama. Mu 2014, m'nyumba ya malamulo ya ku France, phungu Julien Aubert anadulidwa gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake a mwezi chifukwa choumirira kunena kuti *Madame le président* kwa Sandrine Mazetier, amene ankatsogolera zokambirana tsikulo ndipo anali atamupempha kuti anene *Madame la présidente*.

2. Mwalemba wachikazi kwa mayi amene amasunga wachimuna. Alipo ndithu. Hélène Carrère d'Encausse, amene anatsogolera Académie française kuyambira 1999 mpaka pamene anamwalira mu 2023, ankafuna kutchedwa *Madame le Secrétaire perpétuel*. Pa akazembe ndi pamene muyenera kusamala kwambiri, chifukwa kale *ambassadrice* ankatanthauza mkazi wa kazembe. N'chifukwa chake amayi ena amasaina kuti *Ambassadeur*, ena *Ambassadrice*. Palibe buku limene lingakuuzeni zimene mayi wakutiwakuti amafuna. Onani siginecha yake kapena tsamba la ofesi yake, n'kutsatira zomwezo.

3. Mwasakaniza. *Madame la Directeur* ndi *Madame le Directrice* zonse n'zolakwika. Kaliwu kakang'onoko kazigwirizana ndi udindo: *la Directrice* kapena *le Directeur*. Onaninso mawu otsatira, kuti *générale* akhale ndi *e* wake kumapeto.

4. Mwalemba *Mademoiselle*. Boma la France linalamula mu 2012 kuti liwuli lichoke pa mafomu a boma. M'kalata ya ntchito mayi aliyense ndi *Madame*, wokwatiwa kapena ayi, wamng'ono kapena wamkulu.

5. Dzina lakupusitsani. Dominique, Claude ndi Camille angathe kukhala bambo kapena mayi. Musapenekere. Funsani, ndipo ngati palibiretu womufunsa lembani *Madame, Monsieur,* monga mmene amalembera ku ofesi imene sakudziwa amene adzatsegule kalata.

## Mwaika *Excellence* koma kalata ikumvekabe yosakhala bwino

Liwu ili limatikopa chifukwa timafuna chofanana ndi Olemekezeka wathu. Limagwira ntchito, koma lili ndi malo ake, ndipo malowo amasiyana malinga ndi dziko.

1. Mwaika *Son Excellence* m'malonje. *Son Excellence* ndi mawu onena za munthu, osati olankhula naye, choncho malo ake ndi pa keyala:

```
Son Excellence Monsieur [Prénom NOM]
Ambassadeur de [pays]

Monsieur l'Ambassadeur,
```

2. Mwatsatira mwambo wa dziko lina. Ku France nzika sizitchula nduna zawo kapena pulezidenti wawo kuti *Excellence*. Zimalemba *Monsieur le Ministre* ndi *Monsieur le Président de la République*, ndipo liwu lija limasungidwira akazembe ndi akuluakulu a mayiko ena. Ku DRC, Burundi ndi Cameroon malonje akuti *Excellence Monsieur le Ministre,* ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo kalata yopanda liwulo ingaoneke yoperewera. Chimodzimodzi ndi aphungu: ku Kinshasa phungu ndi *Honorable*, pamene ku Paris ndi *Monsieur le Député* kapena *Madame la Députée*. Tsatirani mwambo wa kumene kalata ikupita. Njira yabwino youdziwira ndiyo kuwerenga zokamba za pa misonkhano ya boma la kumeneko, muone mmene akuluakulu amatchulirana poyamba.

3. Mwayamba ndi *Votre Excellence* kenako n'kusokonekera. Mukasankha kulankhula ndi munthu kudzera m'liwu limeneli, ziganizo zonse zimanena za iye ngati munthu wachitatu, ndipo zimagwirizana ndi liwu lachikazi ngakhale munthuyo ali bambo: *Votre Excellence est invitée*. Ambiri amakwanitsa ndime yoyamba, pofika yachiwiri abwerera ku *vous*. Ngati simuli wa ntchito za ukazembe, lembani ndi *vous* kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, palibe amene adzakuoneni ngati wamwano.

4. Mwapatsa liwuli mkulu wa kampani. *PDG* kapena *DG*, kaya kampaniyo ikule bwanji, si *Excellence*. Iye mwini amaona kuti mwapyola muyeso, ndipo pempho lanu limayamba kukayikitsa.

5. Kazembeyo si *Ambassadeur*. Pakati pa mayiko a Commonwealth nthumwi yaikulu imatchedwa *Haut-Commissaire*. Rwanda ndi Cameroon ali m'bungweli monga Malawi ndi Zambia, choncho nthumwi yawo ku mayiko a m'bungweli imalonjeredwa kuti *Monsieur le Haut-Commissaire*. Ndipo ngati ofesi ikuyendetsedwa ndi wogwirizira mpando, ameneyo ndi *Monsieur le Chargé d'affaires*.

## Mawu otsanzikira akumveka opunduka

Chiganizo chomaliza cha kalata ya Chifalansa n'chachitali, ndipo anthu amachikopera pa kalata yakale osachiwerenga. Munthu wodziwa akangochiona amadziwa kuti chinasokedwera wina.

1. Sichikubwereza malonje. Pamwamba pali *Monsieur le Directeur général*, m'munsi muli *Monsieur* yekha, kapena, choipa kuposa, muli udindo wa munthu amene analandira kalata yakale ija. Ikani chala chimodzi pa malonje, china pa chiganizo chomaliza, muwerenge liwu ndi liwu.

2. Msinkhu wa ulemu sukugwirizana ndi mpando. Mawu a kumapeto ali ndi makwerero. Kwa mkulu wa kampani kapena wa nthambi ya boma, *ma considération distinguée*. Kwa nduna ndi kazembe, *ma haute considération*. Kwa mtsogoleri wa dziko, *ma très haute considération*. Ena amalembanso *très haute* kwa nduna, ndipo sizolakwika. Cholakwika ndi kutsikira pansi.

3. Mwalemba *l'assurance* kwa munthu wokuposani. Mwambo umati wamkulu ndiye amatsimikizira wamng'ono kapena mnzake ulemu wake, *l'assurance de ma considération*, pamene wamng'ono amapereka ulemu wake kuti ulandiridwe, *l'expression de ma considération*. Mukamalembera kumwamba sankhani *l'expression*.

4. Mwaphatikiza zidutswa zosalumikizana. Pali ziwiri zimene ndimaziona pafupipafupi. Choyamba ndi *l'expression de mes salutations*, chimene osamala chiyankhulo amachikana. Lembani *Je vous prie d'agréer, Madame la Directrice, mes salutations distinguées*, popanda *l'expression de*. Chachiwiri ndi kuyamba ndi *Dans l'attente de votre réponse* n'kupitiriza ndi *veuillez agréer*. Amene akudikira yankho ndi inu, choncho chiganizo chipitirire ndi *je vous prie d'agréer*.

5. Mwaika *sentiments*. *L'expression de mes sentiments distingués* ndi Chifalansa chabwino, koma mwambo wakale umapewa liwuli pakati pa bambo ndi mayi chifukwa limanenanso za chikondi. Achinyamata ambiri sazilabadira, koma akuluakulu amene mukuwalembera ena amazidziwa. *Considération* ilibe vuto limeneli kwa aliyense.

6. Mwatseka ndi *Cordialement*. N'lokwanira pa imelo yachitatu kapena yachinayi kwa mkulu wa kampani amene wayamba yekha kulemba mwachidule. Kwa nduna ayi. Ngati imelo ikufuna mawu aafupi koma aulemu, *Respectueusement* amakwana.

## Owerenga pomaliza abweza kalata yodzaza ndi timizere tofiira

Izi n'zazing'ono ndipo zimakonzeka m'mphindi zisanu.

- *Mr* ndi chidule cha Chingerezi. Cha Chifalansa ndi *M.* chokhala ndi mpumiro, ndipo ambiri ndi *MM.* Koma *Mme*, *Mmes*, *Dr* ndi *Me*, chidule cha *Maître*, zilibe mpumiro, chifukwa zimathera pa chilembo chomaliza cha liwu lonse.
- M'malonje ndi m'mawu otsanzikira udindo umayamba ndi chilembo chachikulu: *Monsieur le Ministre*. Mukamatchula munthu wina m'kati mwa nkhani udindo umayamba ndi chaching'ono, chachikulu n'kupita pa dzina la unduna: *le ministre de la Santé*.
- *Premier ministre* amakhala ndi *P* wamkulu ndi *m* wamng'ono.
- Loya komanso *notaire*, wotsimikizira zikalata za malamulo, amalonjeredwa kuti *Maître,* payekha, bambo kapena mayi, popanda *Monsieur* kapena *Madame*. Dokotala wa kuchipatala ndi *Docteur,* chimodzimodzi.
- Musaunjike maulemu a sukulu pa udindo. Nduna imene ili ndi digiri yapamwamba imalonjeredwabe kuti *Monsieur le Ministre*. Ngati ofesi yake imalemba *Dr* kapena *Prof.* patsogolo pa dzina, zimenezo zipite pa keyala.
- Dzina la m'zilembo zazikulu zokhazokha ndilo la banja. Mayina a ku DRC nthawi zambiri amakhala atatu, *nom*, *postnom* ndi *prénom*, monga Félix-Antoine Tshisekedi Tshilombo. Akopereni monga mmene mwini wake amawandandalikira, musadulepo limodzi.

## Pamene muyenera kuima n'kufunsa wodziwa

Pali makalata amene kulakwitsa kwake sikuthera pa yankho louma. Musawalembe nokha ngati:

- Mukulemba m'dzina la unduna kapena nthambi ya boma kupita ku ofesi ya kazembe kapena ku boma lina. Pangano la ku Vienna la 1961 limati nkhani za boma ndi akazembe zizidzera ku unduna wa za kunja, ndipo kalata yake nthawi zambiri imakhala *note verbale*, imene ilibe malonje n'komwe: ofesi imalankhula ndi ofesi, kuyambira ndi mawu akuti *présente ses compliments*. Pitani ku nthambi yoona za mwambo wa boma mu undunawo.
- Wolandira ndi mtsogoleri wa dziko, mfumu ya dziko monga ya ku Belgium kapena ku Morocco, kadinala, nthumwi ya Papa, kapena mfumu ya makolo monga *mwami* wa kum'mawa kwa DRC. Aliyense ali ndi mawu akeake, ndipo ofesi yake imakuuzani mukafunsa.
- Wolandira ndi msilikali waudindo. Malonje akuti *Mon général* amadalira ngati wolemba ndi bambo kapena mayi, ngati wolandira ndi bambo kapena mayi, ndiponso ngati ali wa pamtunda kapena wa pamadzi.
- Kalatayo ili ndi mphamvu ya lamulo, monga yothetsa pangano, yokakamiza kulipira ngongole imene imatchedwa *mise en demeure*, kapena yopikisana nawo pa tenda. Apa funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yoimira kampani, *gérant*, *DG* kapena *président*, ndi la loya wodziwa malamulo a dzikolo, ndipo mawu ake adutse kwa womasulira wovomerezeka.
- Kalata iyenera kudzera mwa mkulu wina isanafike kwa mwini wake. M'maboma olankhula Chifalansa zimenezi zimalembedwa pa keyala ndi mawu akuti *sous couvert de*, mwachidule *s/c*, ndipo kulumpha munthu mmodzi pa mndandandawo kungaimitse nkhani yonse.

Pa makalata ena onse, foni imodzi kwa mlembi wa wolandirayo imathetsa kukayika kochuluka. Ngati Chifalansa chanu cholankhula n'chochepa, tumizani imelo ya mzere umodzi iyi, ndipo zimene akuyankheni muzikopere chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi timizere ta pamwamba pa zilembo:

```
Pourriez-vous m'indiquer le nom complet et le titre exact
de la personne à qui je dois adresser ce courrier ?
```